Ndasiya shuga n'kuyamba timibulu totsekemera: kodi ndikudziputira khansa ndi njala?

"Ndine mayi wa zaka 44, ndimalemera makilogalamu 82. Mwezi watha anandiyeza kuchipatala m'mawa ndisanadye, n'kupeza shuga wanga ali pa 115. Anati sanafike pa matenda, koma ndichepetse zotsekemera. Kale ndinkamwa makapu atatu a tiyi patsiku, awiri m'mawa ndi buledi, ina madzulo, kapu iliyonse masupuni atatu odzaza, kuphatikiza botolo la chakumwa chozizira masana. Pano ndinagula timibulu totsekemera ku famase, ndimathira tiwiri m'kapu, ndipo chakumwa ndimagula cholembedwa kuti mulibe shuga. Ndiye mlamu wanga wanditumizira uthenga woti a WHO analengeza kuti zimenezi zimayambitsa khansa. Chinanso, chiyambireni timibuluti, ikamati 10 koloko m'mawa njala imakhala itandigwira moti ndimathera pa mandasi awiri. Kodi ndingobwerera ku shuga?" Mayi wa ku Zomba

Mayi, mtima m'malo. Ku masupuni atatu aja musabwerereko. Pa mlingo umene mukumwawo, timibuluto si poizoni, ndipo mwa zinthu ziwirizi, chimene chili ndi umboni wolimba woti chingakupwetekeni inuyo panopa ndi shuga. Koma sindikuuzaninso kuti timibulu ndi mankhwala. Sitichiza kanthu, ndipo phindu lake likutha lonse m'mandasi a 10 koloko aja. Za mandasiwo tikambirana bwino, chifukwa vuto lanu lenileni lagona pamenepo.

Tiyambe tawerengera zimene mwasiya. Supuni yaing'ono ya tiyi, yosalaza pamwamba, imanyamula magalamu 4 a shuga. Yodzaza mpaka kuchita kaphiri, monga timathirira kunyumba, imafika magalamu 6 kapena kuposa. Masupuni 9 otere patsiku ndi magalamu 54. Chakumwa chozizira chotsekemera ndi shuga yekha chimakhala ndi magalamu pafupifupi 10 pa mamililita 100 alionse, choncho botolo la mamililita 300 likuwonjezera ena 30. Munali pa magalamu oposa 80 patsiku, tisanawerengere thobwa wa ku ukwati, sikono ndi jamu. Malangizo a WHO a m'chaka cha 2015 amati munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga wothira patsiku, ndipo akatsika kufika pa 25 ndiye bwino koposa. Munali mutadutsa malire ndi zakumwa zokha. Pochotsa zimenezo mwachotsa makalori, muyeso wa mphamvu ya m'chakudya, oposa 300 patsiku, ndipo kwa munthu amene shuga wa m'magazi wayamba kusuzumira m'mwamba, chimenecho n'chinthu chachikulu.

Tsopano za uthenga wa alamu anu. Sanapeke okha ayi, pali chimene chinachitikadi, kungoti chinafika kwa inu chitadulidwa pakati. Mu Julaye 2023, nthambi ziwiri zogwira ntchito ndi WHO zinatulutsa zotsatira tsiku limodzi pa chotsekemeretsa chimodzi chokha, asipatemu. Ameneyu ndi amene amapezeka kwambiri mu zakumwa zopanda shuga ndi m'timibulu tambiri, ndipo pa botolo amamulemba dzina kapena nambala yakuti E951. Nthambi yoyamba, IARC, imene ili ku Lyon m'dziko la France, ntchito yake ndi kuyankha funso lakuti: kodi chinthu ichi chingathe kuyambitsa khansa mwa njira ina iliyonse, ndipo umboni wake ndi wolimba bwanji? Inaika asipatemu m'gulu 2B, kutanthauza kuti mwina angathe, koma umboni ndi wochepa. Chimene chinawachititsa kutero ndi kafukufuku wochepa amene anaonetsa khansa ya chiwindi yochulukirapo mwa anthu okonda zakumwa zimenezi, ndipo iwo eni anavomereza kuti sangatsimikize ngati wolakwa ndi asipatemu kapena zina za moyo wa anthuwo. Nthambi yachiwiri, JECFA, imayankha funso lina: pa mlingo umene anthu amadya, kodi pali chiopsezo? Iyo inaunika umboni womwewo n'kunena kuti palibe chifukwa chosinthira malire amene analipo kale.

Mafunso awiriwa amasiyana ngati kufunsa kuti "kodi ng'ona imapha munthu?" ndi kufunsa kuti "kodi ine, potunga madzi pa mjigo wa pakhomo, ng'ona ya mu Shire indigwira?" Kungoti pa asipatemu, ngakhale funso loyambalo yankho lake linali lakuti mwina. Gulu 2B ndi lachitatu pa magulu anayi a IARC. M'gulu 1, mmene umboni ndi wosakayikitsa, muli fodya, mowa, nyama zokonzedwa m'fakitale monga masoseji, komanso poizoni wa chuku amene amamera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino. Ngati mukudera nkhawa chiwindi chanu kuno kwathu, mtedza wowawa wachuku uja ndi katemera wa matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi zoyenera kuziganizira asipatemu asanabwere n'komwe.

Malire a JECFA ndi mamiligalamu 40 patsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Nambala imeneyi sanaitole pamsewu. Amadyetsa nyama zoyeserera milingo yosiyanasiyana kwa moyo wawo wonse, n'kupeza mlingo waukulu umene sunaonetse vuto lililonse, kenako n'kuugawa ndi 100 kuti pakhale mpata waukulu. Zotsalazo ndi zimene amati munthu angadye tsiku ndi tsiku moyo wake wonse. Kwa inu wa makilogalamu 82, malire ali pa mamiligalamu 3,280. Asipatemu amatsekemera kuposa shuga pafupifupi ka 200, choncho kambulu kolowa m'malo mwa supuni imodzi kamangofunika mamiligalamu 20 kapena kucheperapo. Timibulu tanu 6 ndi mamiligalamu 120. Chitini cha chakumwa, malinga ndi chitsanzo chimene a WHO anapereka, chimakhala ndi pakati pa 200 ndi 300. Titenge yaikuluyo. Zonse pamodzi ndi 420, gawo limodzi mwa magawo 8 a malire anu. Kuti muwadutse muyenera kumwa zitini zoposa 10 tsiku lililonse, ndipo mukafika pamenepo tikhala tikukamba za mavuto ena, a mano ndi a thumba.

Mantha otere si oyamba. Sakalini, chotsekemeretsa chakale kuposa zonse, anatulukiridwa m'chaka cha 1879. M'zaka za m'ma 1970 makoswe odyetsedwa sakalini wochuluka zedi anayamba khansa ya chikhodzodzo, ndipo mu 1977 ku Amereka analamula kuti pa chilichonse chokhala ndi sakalini palembedwe chenjezo. Panapita zaka zoposa 20 ofufuza akukumba, mpaka anapeza kuti mkodzo wa makoswe, makamaka aamuna, uli ndi zinthu zimene zimaumbika timiyala tokanda chikhodzodzo, ndipo zimenezo sizichitika mwa munthu. Mu 2000 sakalini anachotsedwa pa mndandanda wa zinthu zokayikiridwa ndipo chenjezo lija linafufutidwa. Sindikunena kuti nkhani iliyonse idzatha choncho. Ndikungosonyeza kuti chenjezo loyamba limakhala chiyambi cha kufufuza.

Pali chilengezo china cha WHO chimene anthu amachisakaniza ndi cha khansachi, ndipo kwa inu n'chofunika kuposa chinacho. Mu Meyi 2023 bungweli linalangiza kuti anthu asamadalire zotsekemeretsa zopanda shuga ngati njira yochepetsera thupi kapena yopewera matenda a shuga ndi a mtima. Langizoli linakhudza zonse, asipatemu, sakalini, sukulalosi, ngakhale siteviya wochokera ku masamba amene ogulitsa amamutama kuti ndi wachilengedwe. Analitcha langizo lokhala ndi zifukwa zoti mayiko aziunika okha, chifukwa umboni wake sunali wolimba, ndipo ananeneratu kuti silikukhudza anthu amene ali kale ndi matenda a shuga.

Chimene chinawavuta ndi ichi. Pali mitundu iwiri ya kafukufuku, ndipo ikuloza kosiyana. Mtundu woyamba, amatenga anthu n'kuwagawa mwamaere, ena amwe za shuga, ena za zotsekemeretsa. Pamenepa omwa zotsekemeretsa amatsika thupi pang'ono, osafika kilogalamu imodzi tikaphatikiza kafukufuku yense, koma ambiri mwa mayesowa ndi a miyezi yochepa. Amene ndimawakhulupirira kwambiri ndi a ku Netherlands, ofalitsidwa mu 2012. Ana 641 ankapatsidwa kachitini kamodzi patsiku kwa miyezi 18, ena ka shuga, ena kopanda, osauzidwa kuti akumwa kati. Onse anakula monga ana amakulira, koma omwa shuga anawonjezera kilogalamu imodzi kuposa anzawo. Kachitini kamodzi kokha patsiku.

Mtundu wachiwiri, amangotsatira anthu ambirimbiri kwa zaka, kuwafunsa zimene amadya, n'kuona amene adwale. Pamenepa zinthu zimatembenuka: okonda zotsekemeretsa ndi amene amapezeka ndi matenda a shuga, a mtima ndi sitiroko ochulukirapo. Ku France anatsatira akuluakulu oposa 100,000, ndipo mu 2022 analengeza kuti odya zotsekemeretsa zambiri anali ndi khansa yochulukirapo ndi 13 pa 100 poyerekeza ndi osadya. Nambala imeneyo siyoitaya. Koma taganizani, ndani amagula timibulu? Ndi inuyo, mayi. Munayamba kugula mutauzidwa kale kuti shuga wakwera. Ofufuza akadzakupezani zaka 10 zikubwerazi muli ndi matenda a shuga, pa pepala lawo padzaoneka kuti womwa timibulu wadwala, pamene matendawo ndi amene anakutumani ku famase. Amayesetsa kuchotsera zimenezi powerengera, koma sizichoka zonse. Ine ndimawerenga umboni wonsewu motere: kuika chotsekemeretsa pamalo pa shuga kumathandiza pang'ono, makamaka mu zakumwa, koma palibe amene wasonyeza kuti kumwa zimenezi zaka makumi ambiri kumateteza munthu ku matenda. Poyerekeza ndi shuga zili bwinoko, poyerekeza ndi madzi zilibe chimene zikuposa.

Tifike pa njala ija. Maganizo amene amafala ndi akuti lilime likamva kutsekemera, thupi limakonzekera kulandira mphamvu, ndipo mphamvuyo ikapanda kufika limalipsira ndi njala. Ganizoli si lopusa, ndipo pali kafukufuku amene akulipatsa mpata. Mu 2025 ofufuza a ku California anamwetsa anthu 75 zakumwa zitatu pa masiku osiyana, madzi, madzi a shuga ndi madzi a sukulalosi, n'kumajambula ubongo wawo. Atamwa sukulalosi, kachigawo ka ubongo koyang'anira njala kanaoneka kotakataka, ndipo anthuwo anati akumva njala kuposa tsiku limene anamwa shuga. Nyuzipepala zinathamanga nayo nkhaniyo. Chimene ambiri sanalembe n'chakuti poyerekeza ndi tsiku la madzi, njala imene anthuwo ankanena sinasiyane. Shuga ndi chakudya, ali ndi mphamvu, amadzutsa timadzi ta m'thupi touza ubongo kuti mwadya. Chotsekemeretsa chilibe mphamvu, choncho sichitonthoza njala. Kusatonthoza njala ndi kuibweretsa ndi zinthu ziwiri.

Ndipo ofufuza akasiya kufunsa anthu za mmene akumvera n'kuyamba kuyeza zimene akudya, amapeza kuti munthu amene wamwa chakumwa chopanda shuga amabwezako pang'ono pa chakudya chotsatira, koma kawirikawiri sabweza zonse. N'chifukwa chake ana a ku Netherlands aja anatsala ndi phindu. Mantha ena oti zotsekemeretsa zimakweza insulini, timadzi ta m'thupi totsitsa shuga wa m'magazi, monga shuga amachitira, nawonso sanatsimikizike mwa anthu. Asipatemu, pa mlingo wa m'kapu ya tiyi, sakweza shuga wa m'magazi.

Nanga njala yanu ikuchokera kuti? Taonani kadzutsa wanu. Makapu awiri a m'mawa anali ndi magalamu 36 a shuga, makalori pafupifupi 150. Pa kadzutsa wa tiyi ndi buledi woyera, chimenecho chinali chigawo chachikulu cha mphamvu yonse ya m'mawa. Mwachichotsa osaikapo kanthu. Buledi woyera amagayika msanga, pakatha maola awiri kapena atatu m'mimba mwayera. Mukanathira madzi otentha okha m'kapumo, 10 koloko ikanakupezani chimodzimodzi. Pali chinanso chimene ndimachiona kawirikawiri mwa anthu amene ndimawalangiza, ndipo sichichokera m'mimba. Munthu akadziwa kuti wadzimana shuga, mumtima amadzipatsa chilolezo: lero ndachita bwino, mandasi awiri si kanthu. Koma mandasi ndi ufa woyera, shuga ndi mafuta okazingira. Awiri akuluakulu atha kubweza makalori 300 onse aja, n'kukwezanso shuga wa m'magazi amene mukufuna kutsitsa. Ana a ku Netherlands sankadziwa chimene akumwa, choncho analibe chodzipatsira chilolezo. Inu mukudziwa.

Mutha kudziyesa nokha kunyumba, osalipira kanthu. Sabata yoyamba, sinthani kadzutsa yekha, timibulu tikhale momwemo. Onjezerani dzira lowiritsa limodzi kapena awiri, kapena siyani buledi mudye phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mbatata yophika ndi mtedza wodzaza dzanja, kapena nyemba zotsala dzulo. Chofunika n'chakuti pakhale chakudya chomanga thupi ndi chokhala ndi gaga, zimene zimachedwa kuchoka m'mimba. Lembani nthawi imene njala yayamba tsiku lililonse. Kwa anthu ambiri imasunthira ku 12 koloko, ndipo nkhani imathera pomwepo. Ikapanda kusuntha, sabata yachiwiri sungani kadzutsa yemweyo koma mumwe tiyi wopanda chotsekemeretsa chilichonse, wa mkaka kapena wa mandimu. Ngati njala yachepa sabata imeneyo, ndiye kuti inuyo muli m'gulu la anthu amene kutsekemera kumawadzutsira chilakolako cha zina, ndipo timibulu sitikukuyenerani. Anthu otere alipo, sindikana. Musinthe chinthu chimodzi pa nthawi, apo ayi simudzadziwa chimene chathandiza. Ndipo m'chikwama muzikhala nthochi kapena mtedza wokazinga, kuti wogulitsa mandasi akamadutsa asakupezeni manja ali m'khosi.

Kusiyana kwa anthu kumeneku kwaonekanso pa nkhani ya mabakiteriya a m'matumbo. Ku Israyeli mu 2022 anapatsa anthu 120 zotsekemeretsa zosiyanasiyana kwa masabata awiri, pa mlingo wosafika malire. Omwe analandira sakalini ndi sukulalosi, ena mwa iwo thupi linayamba kuchedwa kutsitsa shuga akadya, ndipo mabakiteriya a m'matumbo mwawo anasintha. Asipatemu ndi siteviya sanaonetse vuto limenelo pa shuga wa m'magazi. Ndi kafukufuku wamfupi, wa anthu ochepa, ndipo ena amene anayesa zofanana sanapeze zomwezo. Komabe kwa inu, amene shuga ali m'malire, ndinganene kuti tembenuzani kabotolo kanu muwerenge. Sakalini ndi E954, sukulalosi ndi E955, siteviya ndi E960. Ngati muli sakalini ndipo muli ndi mwayi wosankha, tengani ena. Sakalini amadziwikanso ndi kakuwawa kotsalira kukhosi. Dziwaninso kuti asipatemu amataya kutsekemera akaphikidwa nthawi yaitali, choncho ngothira m'kapu, osati mu mphika wa phala uli pamoto.

Powerenga zolembedwazo, chenjerani ndi zinthu ziwiri. Zotsekemeretsa zaufa za m'timapaketi nthawi zambiri amazisakaniza ndi gulukosi kapena ufa wina wa sitalichi kuti zichuluke, ndiye mukamathira masupuni ambiri mukumwanso shuga. Timibulu tilibe vuto limeneli kwenikweni chifukwa n'tating'ono. Chachiwiri, zakumwa zambiri masiku ano zili ndi zonse ziwiri, shuga ndi zotsekemeretsa. Ku South Africa, boma litayamba kudula msonkho pa zakumwa zokhala ndi shuga woposa magalamu 4 pa mamililita 100 mu Epulo 2018, makampani ambiri anachepetsa shuga n'kudzazira ndi zotsekemeretsa, ndipo katundu wochokera kumeneko ali m'mashopu mwathu. Botolo lolembedwa kuti shuga ndi wochepa si lofanana ndi lolembedwa kuti mulibe. Yang'anani mzere wa shuga pa mamililita 100. Masiwiti, mabisiketi ndi chingamu zolembedwa kuti n'za odwala shuga zimakhala ndi gulu lina, monga sobito ndi zayilito, amene ali ndi makalori ndithu, ndipo mukadya zambiri amatupitsa mimba ndi kutsegula m'mimba. Ufa, mafuta ndi mtengo wokwera zimakhala momwemo. Sindilangiza aliyense kutaya ndalama pa mabisiketi amenewo.

Wina akuuzani kuti siyani zonsezi muzithira uchi kapena shuga wabulauni. M'magazi mwanu, uchi, shuga wabulauni, madzi a nzimbe ndi juwisi wa zipatso zonse ndi shuga, ndipo WHO imaziwerengera pa magalamu 50 aja. Wina adzati shuga wa m'mapaketi kuno amathiramo vitamini A, ndiye mukasiya mudzaperewera. Amathiramodi, koma mbatata yofiira mkati, maungu, mango, papaya, bonongwe ndi chisoso zikupatsani vitamini ameneyo popanda kukweza shuga chotere.

Za ana ndinene mwachindunji, chifukwa mabotolo amene mayi wagula amathera m'kamwa mwa ana. Malire aja amayendera kulemera kwa thupi, choncho mwana amawafika msanga. Zakumwa zotchipa zosungunula ndi madzi, ndi zina za m'timapulasitiki zoumitsa m'firiji, kawirikawiri zimatsekemera ndi sakalini ndi saikilameti, amene nambala yake ndi E952. Malire a JECFA a saikilameti ndi mamiligalamu 11 pa kilogalamu, ndiye mwana wa makilogalamu 20 ali ndi 220 patsiku, pamene malamulo a ku Ulaya amalola 250 mu lita imodzi ya chakumwa. Mwana womwa lita yathunthu tsiku lotentha la Okutobala wafika kale. Tsiku limodzi si ngozi, koma chisakhale chizolowezi. Mwana wosakwana zaka ziwiri asapatsidwe n'komwe, ndipo mwana wowonda amafunika chakudya chokhala ndi mphamvu, osati madzi otsekemera opanda kanthu odzaza kamimba. Pali anthu ochepa zedi obadwa ndi matenda otchedwa PKU, amene thupi lawo silitha kugaya fenilalanini, chimodzi mwa zinthu zimene asipatemu amasanduka m'mimba. Iwowo asipatemu ndi woletsedwa kotheratu, ndipo chenjezo la fenilalanini limene mumaliona pa botolo limalembedwera iwo. Mayi woyembekezera atha kumwa mwa apo ndi apo, koma madzi ndi mkaka zikhale patsogolo.

Mano nawo musawaiwale. Zotsekemeretsa sizidyetsa tizilombo tobowola mano monga shuga amachitira, chimenecho ndi phindu lenileni. Koma chakumwa cha gasi, chikhale ndi shuga kapena ayi, chili ndi asidi amene amapereseza chikuto cha dzino. Imwani pa chakudya, osati kumangopsontha tsiku lonse, ndipo mukatha tsukuluzani m'kamwa ndi madzi.

Mukandifunsa chimene ndingachite nditakhala inu, ndi ichi. Timibulu ndingatisunge kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndikutichepetsa. Masabata awiri oyamba tiwiri, kenako kamodzi, kenako kuyesa kapu ya madzulo yopanda kanthu, mwina yothira jinja kapena mandimu. Lilime limazolowera. Anthu amene apirira masabata angapo amabwera okha kudzandiuza kuti tiyi wa ku maliro, wothiriratu shuga mu ndowa, sakutha kumumezanso. Chakumwa chopanda shuga chikhale cha masiku ena, masana wamba madzi. Mukakanika kusiyiratu kambulu kamodzi m'kapu, musadzizunze nazo, kamodziko n'kabwino kuposa masupuni atatu. Ndipo musaiwale kuti shuga wa m'magazi sachokera m'kapu mokha. Mitanda itatu ya nsima yoyera imakweza shuga kuposa tiyi wanu yense. Kafukufuku wamkulu wa ku Amereka wofalitsidwa mu 2002, wa anthu a shuga wa m'malire ngati inu, anapeza kuti omwe anathandizidwa kutsitsa thupi ndi magawo pafupifupi 7 pa 100 ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata anachepetsa chiopsezo chogwa m'matenda ndi 58 pa 100. Kwa inu ndi makilogalamu 5 kapena 6. Palibe kambulu kamene kanaonetsapo zotere.

Bwererani kuchipatala pakatha miyezi itatu akakuyezeninso musanadye. Pakati pa 110 ndi 125 ndi m'malire, 126 kupita m'mwamba, ikapezeka kawiri, ndi matenda a shuga. Apempheni akuyezeninso kuthamanga kwa magazi, chifukwa awiriwa amakonda kuyendera limodzi. Musadikire miyezi itatuyo ngati njala ikubwera pamodzi ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, kuonda popanda chifukwa, maso kuchita chifunga kapena chilonda chosapola. Njala yotero si ya timibulu, ndi chizindikiro choti shuga wakwera kwambiri. Ngati mutu ukumakupwetekani nthawi zonse mukamwa za asipatemu, zisiyeni masabata awiri muone, ndipo ukapitirira mukaonane ndi dokotala.

Chomaliza n'cha tsiku limene inu kapena wina wa pakhomo adzayambe mankhwala otsitsa shuga, makamaka insulini kapena mapiritsi a gilibenkalamaidi. Mankhwala amenewa atha kutsitsa shuga mopitirira, munthu n'kuyamba kunjenjemera, thukuta lozizira, mtima kugunda ndi kusokonezeka mutu. Pamenepo chakumwa chopanda shuga ndi timibulu sizithandiza ngakhale pang'ono, ndipo anthu akomokapo achibale akuwamwetsa botolo lolakwika. Pamafunika shuga weniweni, masupuni atatu kapena anayi m'madzi, kapena theka la botolo la chakumwa wamba, kubwereza pakatha mphindi 15 ngati sanatsitsimuke, kenako chakudya. Ngati wakomoka kale musamuthire kanthu m'kamwa, mugonekeni chammbali muthamangire naye kuchipatala. Choncho paketi ya shuga isachoke m'nyumba, ndipo onse a pakhomo adziwe pamene imakhala.